Momwe mungalembere kalata yobweza dipoziti ya lendi mutachotsapo zoonongeka

Dipoziti ndi ndalama ya wochita lendi, mwininyumba amangoisunga. Kalata yoibweza iyenera kulembedwa ndi maganizo amenewa. Chilichonse chimene mukuchotsapo mukuchitapa m'thumba la munthu wina, choncho muyenera kumuonetsa chimene chinaonongeka, umboni woti chinali chabwino pamene ankalowa, ndi mmene mwapezera mtengo wake. Kalata yongoti "tachotsapo za penti ndi zokonzakonza" ndi imene imayambitsa milandu, ngakhale mwininyumba atakhala kuti sanabe kalikonse.

Musanalembe, yenderani nyumba

Yenderani nyumbayo tsiku limene makiyi akubwezedwa, katundu atatuluka kale, kukali kowala, ndipo ngati n'kotheka wochita lendiyo akhalepo. Tengani pepala la mmene nyumba inalili tsiku lolowa, lija munasainirana nonse awiri, pamodzi ndi zithunzi za tsikulo. Chipinda ndi chipinda, yerekezani zakale ndi zatsopano. Chinthu choonongeka chijambuleni kawiri: patali kuti chipinda chidziwike, ndi pafupi, mutaika tepi yoyezera pambali pake kuti kukula kwake kuoneke. Werengani mita ya madzi ndi ya magetsi, muijambulenso, ndipo werengani makiyi.

Ngati panalibe pepala kapena zithunzi za tsiku lolowa, dziwani kuti mwaima pofooka. Chotsani zokhazo zimene mwini wake akuvomera kapena zimene zikuonekeratu kuti n'zatsopano.

Onaninso mgwirizano wa lendi ndi malamulo a kumene nyumbayo ili, chifukwa masiku obwezera dipoziti amasiyana. Ku California, m'dziko la America, ndi masiku 21 kuchokera pamene munthu watuluka. Ku New York ndi masiku 14, ndipo mwininyumba akapanda kupereka ndandanda ya zochotsedwa m'masiku amenewa, ufulu wosunga ngakhale gawo la dipozitiyo umamuthera. Kumene lamulo silinaike masiku, tsatani zimene munalemberana.

Siyanitsani kutha ndi kuonongeka

Apa ndi pamene eninyumba ambiri amalakwitsa. Nyumba yokhalamo anthu imatha: penti imazilala, pansi pamaperepeseka podutsa anthu, mahinjesi amakhwepa, mpopi umayamba kudontha chifukwa kamphira ka mkati katha. Zimenezi zinalipiridwa kale mu lendi ya mwezi ndi mwezi, ndipo sizilowa m'kalatayi. Kuonongeka ndi kumene kwabwera chifukwa cha kumenya, kusasamala kapena kugwiritsa ntchito chinthu molakwika.

Nthawi zambiri chinthucho chimadzinenera chokha. Galasi la windo limene lagendedwa kapena kugundidwa limakhala ndi malo amodzi pamene ming'alu yonse ikuchokera, n'kumwazikira mbali zonse. Mng'alu umodzi woyambira m'mphepete mwa felemu, wopanda pogundidwa, kawirikawiri umabwera chifukwa cha kutentha kapena kuthina kwa felemu, ndipo si mlandu wa wokhalamo. Tailosi yosweka igogodeni ndi chogwirira cha sikuludiraiva, mugogodenso zoyandikana nayo. Zikamalira ngati pansi pali mphako, simenti sinagwire bwino poika, moti ikanasweka ngakhale aliyense akanakhalamo. Ikamalira molimba koma pakati pali pobenthuka, pamenepo panagwera chinthu cholemera. Banga la bulauni pa siling'i kawirikawiri ndi la denga lodontha, ndipo denga ndi lanu.

Musamugulitse chatsopano m'malo mwa chakale

Ngakhale wochita lendi ataonongadi, salipira mtengo wonse wa chinthu chatsopano ngati chimene anaononga chinali chitagwira kale ntchito zaka zambiri. Amalipira zaka zimene zinatsala. Mukamulipiritsa zonse ndiye kuti nyumba yanu yakonzedwa kuposa mmene inalili pa ndalama za munthu wina, ndipo oweruza milandu ya lendi m'maiko ambiri zimenezi amazikana.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Ganizirani moona mtima zaka zimene chinthucho chimayenera kukhala, chotsanipo zaka zimene chakhala kale, ndipo zotsalazo ndiye gawo la mtengo limene mungachotse. Zaka zimenezi zilembeni poyera m'kalatamo kuti ngati munthuyo akutsutsa, atsutse nambala yooneka.

Tiyerekeze nyumba imene munthu wakhalamo zaka 3, dipoziti yake inali 600,000 m'ndalama za kumene muli. Manambalawa ndi ongophunzirira. Khoma limodzi la pabalaza, lotalika mamita 4 m'litali ndi 2.7 m'mwamba, ana analembalemba ndi maka osafufutika. Khomalo ndi pafupifupi masikweya mita 11. Penti ya madzi yopaka m'kati imakwana pafupifupi masikweya mita 10 pa lita mukapaka kamodzi, choncho kupaka kawiri kufuna malita awiri ndi kenakake, kuonjezapo andakoti yotsekera inkiyo, chifukwa inki ya maka imatulukiranso pamwamba pa penti yatsopano ikapanda kutsekedwa. Zonse ndi malipiro a wopenta zakwana 50,000. Nyumbayo inapentedwa munthuyo atatsala pang'ono kulowa, ndipo inu mumapenta zaka 5 zilizonse. Zatsala zaka 2 mwa 5, ndiye mukuchotsa 20,000 basi. Makoma ena atatu a pabalazapo, ngati mwaganiza zowapentanso kuti mtundu ufanane, mtengo wake ndi wanu.

Chitseko cha kubafa chabooka pakati moti sichingakonzeke. Chatsopano, kuika ndi kupaka vanishi ndi 120,000. Chinaikidwa zaka 8 zapitazo ndipo mumayembekeza kuti chikhala zaka 20, ndiye zatsala 12 mwa 20, zomwe ndi 72,000. Kukanakhala kuti kalipentala angathe kuchikonza, mukanachotsa mtengo wokonzerawo, pakuti njira yotsika mtengo imene ibwezeretse chinthu mwakale ndiyo yoyenera. Galasi ndi losiyana: silitha ndi zaka ngati penti, choncho mtengo wake wonse ungachotsedwe.

Lembani kalatayo

Ikhale yaifupi, yaulemu, yopanda madandaulo. Za phokoso limene ankachita, za lendi imene ankachedwetsa koma analipira, zisiyeni. Pamwamba lembani dzina lanu, tsiku, dzina la wochita lendi ndi adiresi ya nyumbayo. Kenako thupi la kalata likhale motere:

*Okondedwa Bambo (dzina lawo),*

*KUBWEZA DIPOZITI YA NYUMBA*

*Ndikukulemberani za dipoziti ya 600,000 imene munapereka polowa m'nyumbayi. Munabweza makiyi pa 31 Malichi, ndipo tsiku lomwelo tinayendera nyumbayi limodzi. Pa dipozitiyo ndachotsapo izi:*

*1. Galasi la windo la kuchipinda chachikulu, masentimita 60 kwa 45, lokhuthala mamilimita 4, losweka pakati. Polowa linali lathunthu. Galasi, pate ndi woika: 28,000. Zithunzi 1 ndi 2, risiti A.*

*2. Khoma la kum'mawa pabalaza, lolembedwa ndi maka. Kupenta khoma lokhalo: 50,000. Penti inali yatsopano polowa, imakhala zaka 5, mwakhalamo zaka 3. Gawo lanu ndi zaka 2 mwa 5: 20,000. Zithunzi 3 ndi 4, risiti B.*

*3. Chitseko cha kubafa, chobooka pakati. Chatsopano ndi kuika: 120,000. Chinali ndi zaka 8 mwa 20. Gawo lanu ndi zaka 12 mwa 20: 72,000. Zithunzi 5 ndi 6, koteshoni C.*

*4. Makiyi a chitseko cha kumaso: ndinapereka 3, abwera 2. Kusintha silinda ya loko: 25,000. Risiti D.*

*Zoonongeka zonse pamodzi: 145,000.*

*5. Bilu ya madzi yosalipidwa kufika pa 31 Malichi, malinga ndi mita ya tsikulo: 18,500. Bilu E.*

*Zochotsedwa zonse: 163,500. Yotsala yobwerera kwa inu: 436,500, imene ndaitumiza lero ku akaunti imene munandipatsa. Umboni wa kutumizako ndauphatikiza.*

*Mpopi wa kukhitchini wodontha, penti yozilala m'zipinda zina ndi banga la pa siling'i sindinazichotsere kanthu, chifukwa ndi kutha kwa nyumba. Ngati pali chimene simukugwirizana nacho, chonde ndilembereni pasanathe masiku 14, mutchule nambala yake, tikambirane.*

*Ine wanu,*
*(dzina ndi siginecha)*

Taonani kuti bilu ya madzi yaima payokha. Ndi ngongole, si chinthu choonongeka, ndipo muichotse pokhapokha ngati mgwirizano kapena lamulo likulola kuti dipoziti ilipire ngongole zotere. Pa loko, chimene mwasintha ndi silinda yokha, kachitsulo kolowamo kiyi, osati loko yense. Ena amangochotsa mtengo wodulitsa kiyi wina, ndipo ngati kiyiyo anangothyoka n'kubwezedwa zidutswa zake, umenewo ndiye mtengo woyenera, popeza palibe kiyi amene ali m'manja osadziwika.

Ndime yotchula zimene simunachotse ena amaiona ngati yosafunika. Ife timati ikhalepo ndithu. Imamuonetsa munthuyo kuti munayang'ana zonse n'kusankha mwachilungamo, ndipo mlandu ukafika kwa woweruza, iyenso amaona chimodzimodzi.

Zimene zimagwetsa kalata yotere

Choyamba ndi manambala ongoganizira. Ngati ntchito sinachitikebe, monga chitseko chija, ikani koteshoni yolembedwa ndi mmisiri, ndipo ntchito ikatha tumizani risiti yeniyeni. Mtengo ukatsika, bwezani yotsalayo. Ngati mwakonza nokha, lembani maola amene mwagwira ndi mtengo wa ola limodzi wofanana ndi wa mmisiri wamba, muphatikize malisiti a zipangizo.

Chachiwiri ndi kugwira dipoziti yonse chifukwa cha chinthu chimodzi chimene mukukangana. Munthuyo akakana za chitseko chokha, 436,500 ija ipite basi, musakhale mukuigwiritsa ntchito pomuumiriza kuti avomere. Mukambirane za 72,000 yokhayo.

Mawu osatchula kanthu monga "kuyeretsa" amagwetsanso kalata. Nenani chimene chinayeretsedwa: mafuta ouma mu uvuni, zinyalala matumba angati zotayidwa, maola angati. Ndipo musachotse za kuyeretsa ngati nyumbayo yasiyidwa yoyera mofanana ndi mmene inaperekedwera.

Pomaliza werengeraninso masamu kawiri, kenako tumizani kalatayo m'njira yosiya umboni: positi yolembetsa ku adiresi yatsopano ya munthuyo, imelo, kapena kuipereka pamanja iye n'kusainira pa kope yanu. Ndalama idutse ku banki kapena njira ina yotulutsa risiti. Ngati anachita lendi ndi anthu awiri pa mgwirizano umodzi, kalata ilembedwe kwa onse awiri, ndipo agwirizane molemba kuti ndalama ipite kwa ndani musanaitumize. Malisiti enieni ndi zithunzi zoyambirira sungani nokha, kwa iwo kupite makope.