Malangizo Okonzela Agala wa Magazi, Kumuyesa na Kumusunga mu Labu Yaing'ono

Malangizo awa ni a agala wa magazi, cakudya colimba comeletsapo mabakiteliya mu labu, wophikidwa pamanja, mamililita 500 pa nthawi imodzi. Musanayambe, ŵelengani cizindikilo ca pa botolo la ufa umene muli nawo. Ngati zolembedwa pamenepo zasiyana na manambala ali pano, tsatilani za pa botolo.

Kupima na kuphika

Yang'anani ufa coyamba. Uyenela kukhala wouma, woyoyoka mosavuta. Ufa umenewu umakoka cinyezi mwamsanga, ndipo ngati waumbika mibulu kapena wasintha mtundu, utayeni olo kuti deti yothela ntchito yake ikalibe kukwana. Mitundu yambili ya ufa wa agala wa magazi imafuna magalamu 40 pa lita imodzi, conco pa mamililita 500 pimani magalamu 20. Sakanizani m'madzi ochezedwa, osati a pampopi, mu fulasiki ya lita imodzi. Fulasiki ikhale yaikulu conco cifukwa agala akaŵila amafufuma n'kusefukila. Tenthetsani uku mukuvundula mpaka ufa wonse usungunuke.

Tsekani fulasiki mosalimbitsa, matanipo tepi ya otokilevu, na kuiika mu otokilevu, makina ophela tizilombo na nthunzi yotentha, pa 121 °C kwa mamineti 15. Mamineti amenewa muyambe kuŵelenga kutentha kukafika pa 121 °C, osati pamene mwayatsa makina. Khulupililani cipimo ca kutentha kuposa ca mphamvu ya nthunzi. Ngati mpweya sunatuluke wonse m'kati, kapena ngati labu ili kumalo okwela, singano ya nthunzi ingafike pamene mumaiona masiku onse koma kutentha kuli kopelewela. Tepi ikasintha mtundu ndiye kuti fulasiki inakumana na nthunzi yotentha, basi. Siikutsimikizilani kuti zonse za m'kati zinafa. Musawonjezelenso nthawi poganiza kuti mukucita bwino, cifukwa agala wopsa kwambili amada ndipo salimba bwino. Dziŵaninso kuti mitundu ina ya agala, monga XLD na TCBS, siiloŵa n'komwe mu otokilevu, imangoŵilitsidwa.

Kuthila magazi

Magulu ambili a mapuleti ophikidwa pamodzi amawonongekela pano. Ikani fulasiki m'bafa ya madzi yochunidwa pa 50 °C mpaka agala azizile kufika pakati pa 45 na 50 °C. Tulutsani magazi m'filiji pasadakhale kuti acoke kuzizila. Ngati agala watentha kwambili, maselo a magazi amasweka ndipo mapuleti amatuluka ofiila moŵala kapena akhofi. Pa puleti yotelo simungaone bwino ngati bakiteliya yaswa magazi kapena ayi, pamene ndiyo nchito yaikulu ya agala uyu. Ngati wazizila kufika ca m'ma 40 °C, amayamba kugwilana, ndipo magazi ozizila amacititsa mibulu nthawi yomweyo. Agala akagwilana muli kale magazi, palibenso comusungunula.

Thilani mamililita 25 a magazi a nkhosa ocotsedwa cowundanitsa, amene ni 5 pelesenti. Magazi a munthu otha nchito ocokela kosungila magazi si abwino: amakhala na mankhwala oletsa kuundana, nthawi zina na mankhwala opha mabakiteliya, ndipo angapatsile matenda wogwila nchito. Zungulizani fulasiki pang'onopang'ono, musakhuchumule, kuopa thovu. Musanabweze botolo la magazi m'filiji, donthezani madontho ocepa m'cubu ca msuzi wokulitsila mabakiteliya. Cubu cimeneci cidzakuthandizani pambuyo pake.

Pukutani thebulo na sipiliti ya 70 pelesenti, tsekani mawindo, zimani fani, na kugwilila nchito pafupi na lawi kapena m'kabati ya mpweya woyela. Puleti iliyonse ya mamilimita 90 ilandile mamililita pafupifupi 20, civindikilo citangotsegulidwa pang'ono mbali imodzi. Mudzapeza mapuleti 25 kapena 26. Asiyeni pamalo olingana mpaka alimbe, ndiyeno lembani pansi pa puleti, osati pa civindikilo, dzina la agala, deti na namba ya gulu.

Kuyesa ngati mulibe zomela

Gulu lonse likhale pambali, osagwilitsidwa nchito, mpaka zotsatila zituluke. Pa gulu losakwana mapuleti 100, yesani 5 pelesenti, ndipo pa mapuleti 26 tengani aŵili, imodzi mwa oyamba kuthila na ina mwa otsiliza. Aikeni osatsegula mu inkyubeta pa 35 mpaka 37 °C pamodzi na cubu ca msuzi cija. Ŵelengani pambuyo pa maola 24, ndiponso pa maola 48. Musathamangile kuvomeleza pa tsiku loyamba, popeza zina zimamela mocedwa, maka-maka cuku.

Cikamela, malo amene camela amanena kumene vuto lacokela. Tinene kuti pa maola 48 mapuleti onse aŵili ali na tumadontho twambili tofanana, tuli m'kati mwa agala osati pamwamba cabe. Zimenezi zitanthauza kuti bakiteliya inali kale mu fulasiki agala asanathilidwe. Yang'anani cubu ca msuzi. Ngati cacita mbuu, magazi ndiwo anali oipa, ndipo botolo lake litayidwe pamodzi na gulu lonse. Ngati cubu n'coyela mbee, kaikilani paipeti imene munatungila magazi kapena otokilevu, ndipo muyese otokilevu na kacubu ka njele za bakiteliya yopilila kutentha yochedwa Geobacillus stearothermophilus musanaphikenso.

Nkhani ni yosiyana ngati puleti yoyamba ni yoyela koma yotsiliza ili na kadontho kamodzi pamwamba, ca kumphepete. Kaŵilikaŵili kameneko kanagwa kucokela mumpweya kapena ku cala pothila. Ikaninso mapuleti ena anayi mu inkyubeta. Akatuluka oyela, gulu lingavomelezedwe, koma puleti iliyonse muziiunika musanapakepo. Ina ikamelanso, tayani gulu lonse. Mapuleti oyesela asabwelele pa gulu olo ali oyela, cifukwa auma ndipo magazi ake ayamba kufooka. Aphikeni mu otokilevu n'kutaya.

Puleti yoyela ingakhalebe yosathandiza ngati siimeletsa. Pakani bakiteliya ya Streptococcus pyogenes pa puleti ina, muone ngati pozungulila pomela payela n'kuonekela ngati galasi. Streptococcus pneumoniae iyenela kusiya mtundu wobiliwila. Lembani zonse m'buku: namba ya ufa, namba ya magazi, kutentha kwa otokilevu, zotsatila na siginecha ya wophika.

Kusunga

Mapuleti asungidwe pa 2 mpaka 8 °C, ozondotsa, agala ali kumwamba. Mukawasiya coongoka, madzi amene amasonkhana pa civindikilo amagwela pa agala, ndipo mabakiteliya amayenda m'madzimo n'kusakanikilana mpaka simungapatule mtundu umodzi. Musawatsekele m'thumba akali ofunda. Akazizila, mangani khumi-khumi m'matumba a pulasitiki otseka bwino. Atalikitseni na khoma lakumbuyo kwa filiji kapena cipinda ca ayezi, cifukwa agala akauma na cisanu amang'aluka, amatulutsa madzi, ndipo magazi amasweka. Temomita ikhale m'filiji ndipo muzilemba kutentha tsiku lililonse, na pamene malaiti anazima.

Agala wa magazi sakhalitsa. M'gwilitseni nchito pasanathe sabata imodzi kapena aŵili, pokhapo ngati labu yanu inayesa n'kutsimikiza nthawi yotalikilapo. Ni bwino kuphika ocepa kaŵilikaŵili, ndipo gulu lakale ndilo liziyamba kutha. Tulutsani mapuleti okwanila tsikulo cabe, adikileni acoke kuzizila, ndipo ngati pamwamba pali ponyowa aumitseni kwa mamineti 20 mpaka 30 mu inkyubeta, ozondotsa, civindikilo cili cotsegula pang'ono. Puleti yong'aluka, yocoka m'mphepete, yakuda kapena yomela kanthu musapakepo zoyeza za wodwala.