Kumasulira steliyamu ya ku Kapirikoni

"Ndinabadwa pa 5 Januwale 1990. Tchati changa chikuonetsa mapulaneti asanu ku Kapirikoni. Ndiyambire pati?"

Tchati ndi mapu osonyeza pomwe panali mapulaneti pa nthawi yomwe munabadwa, ndipo gulu lotere la mapulaneti m'chizindikiro chimodzi cha nyenyezi, monga Kapirikoni, limatchedwa steliyamu. Choyamba, agaweni pawiri. Satuni, Yulenasi ndi Nepichuni amayenda pang'onopang'ono, choncho amsinkhu wanu ambiri ali nawonso pamenepo. Zanuzanu ndi Dzuwa ndi Mekyule. Ambiri amalakwitsa apa, n'kumasulira za m'badwo wonse ngati khalidwe la munthu mmodzi.

Chachiwiri, pezani wolamulira chizindikirocho. Kapirikoni ndi kwawo kwa Satuni, ndipo kwa inu ali momwemo, ndiye akutsogolera gululo. Openda nyenyezi amamumasulira ngati udindo, kudziletsa ndi zinthu zobwera mochedwa koma zokhalitsa.

Kenako yang'anani madigiri, ndipo apa musathamange. Nepichuni ali cha pa 12, Dzuwa cha pa 15, Satuni cha pa 16. Atatuwa ndiwo phata, awerengeni ngati chinthu chimodzi: munthu wa maloto amene amadzifunsa kaye ngati n'zotheka. Yulenasi, cha pa 6, watalikirana ndi Dzuwa ndi Satuni, choncho mumuwerenge pambuyo. Ine sindiphatikiza mapulaneti otalikirana kuposa madigiri 8.

Chachinayi ndi nyumba, yomwe imasonyeza mbali ya moyo: yachikhumi ndi ntchito, yachisanu ndi chiwiri ndi banja. Koma imafuna nthawi yeniyeni yobadwira. Ngati mayi anu amangoti "kunali kukucha", isiyeni, chifukwa maola awiri amatha kusamutsa gulu lonse.

Pomaliza onani mbali yoyang'anizana. Jupita wanu ali m'chizindikiro cha Kansa, moyang'anizana ndi Yulenasi, ndipo amamasuliridwa ngati chokokera kwa abale ndi pakhomo.