Musanamate chidziwitso choti njira ina yolipirira yatha, chilembeninso

Mwezi wa Okutobala uli mkati, alimi ali kalikiliki kugula mbewu ndi feteleza, ndinafika pa sitolo ya kopaletivi ina chakufupi ndi Mitundu. Pachitseko panali pepala lomatidwa ndi selotepi, lolembedwa ndi cholembera chakuda: "CHIDZIWITSO. Kuyambira lero sitikulandiranso macheke ndi ndalama za pafoni. Oyang'anira." Mayi wina amene anabwera ndi kabaza kuchokera kumudzi anaima n'kuwerenga kawiri, kenaka anatembenuka osalowa n'komwe. Ndalama yake yonse inali mufoni. Nditawafunsa amkomiti, anandiuza kuti ndalama za pafoni sanaziletse ayi. Chimene analetsa ndi kutumiza ndalama ku nambala ya kalaliki wa pasitolo. Nambala ya kopaletivi inali ikugwira ntchito bwinobwino. Mayi uja akanagula tsiku lomwelo, koma pepala linamubweza.

Ndiye inu amkomiti, eni masitolo a zipangizo zaulimi ndi alembi a magulu, poyambira ndi apa: tchulani ndendende chimene chaletsedwa. Mawu oti "ndalama za pafoni" akuphimba zinthu zingapo. Pali kutumiza ku nambala ya munthu, pali kulipira ku nambala ya bizinesi kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, palinso kusamutsa ndalama kuchokera kubanki pafoni, monga amachitira a Mo626. Mukaletsa chimodzi n'kulemba ngati mwaletsa zonse, mwathamangitsa makasitomala anu omwe. Khalani pansi, lembani njira zonse zimene anthu akhala akulipirira, ndipo pa iliyonse mugwirizane kuti iyi yatha, iyi ikadalipo. Kawirikawiri apa ndi pamene zimaonekera kuti ngakhale amkomiti eniake sanamvane chimodzi.

Mawu oti "lero" achotseni. Pepala limakhala pachitseko miyezi, ndipo aliyense wowerenga amakhala ndi lero lakelake. Lembani tsiku, mwezi ndi chaka. Komanso tsikulo lisakhale lomwe mwamata pepalalo. Mlimi wa kutali amabwera kamodzi pa sabata, pa tsiku la msika, ena kamodzi pa mwezi. Ine ndimalangiza kuti papite masabata osachepera awiri, kuti masiku amsika angapo adutse uthenga uli poonekera. Pokhapokha ngati pachitika zakuba ndi pamene mungatseke njira nthawi yomweyo, ndipo zikatero nenani kuti n'zadzidzidzi, mupepese.

Chifukwa chake ndiye chimavuta kulemba, ndipo ndikufuna tichedwepo pang'ono. Ena salemba chifukwa n'komwe poganiza kuti akasitomala sichiwakhudza. Koma pamene palibe chifukwa, anthu amapeka chawo: ati kopaletivi yagwa, ati kalaliki waba. Ena amalemba mopyola muyezo, kuti "chifukwa anthu ena osakhulupirika akhala akutibera". Aliyense amene analipirapo ndi cheke amadzimva kuti walozedwa chala, ndipo kalaliki uja amayenda mutu uli pansi pomwe mwina sanalakwe kanthu. Chifukwa chabwino chimanena za njirayo, osati za anthu. Cheke cha banki ina chimatenga masiku kuti ndalama ilowe, ndipo chikabwerera chifukwa muakaunti mulibe ndalama zokwanira, matumba amakhala atapita kale, mwinanso feteleza atathiridwa kumunda. Ndalama yotumizidwa ku nambala ya munthu imasakanikirana ndi yake yapanyumba, siilowa m'mabuku a gulu, ndipo wolipira akataya uthenga wa pafoni palibe pogwira. Zimenezi n'zoona, n'zokwanira, ndipo sizinyoza munthu. Chiganizo chimodzi pa njira iliyonse basi.

Titakhala ndi amkomiti aja pa benchi kuseri kwa sitolo, tinalemba chonchi:

"Okondedwa mamembala ndi makasitomala athu. Kuyambira pa 1 Novembala chaka chino, sitidzalandiranso malipiro a cheke, komanso ndalama zotumizidwa ku nambala ya foni ya wogwira ntchito aliyense. Cheke chimachedwa kulowa ndipo chikabwerera gulu limaluza. Ndalama yopita ku nambala ya munthu siioneka m'mabuku a kopaletivi, choncho zimavuta kukutetezani pakabuka kusamvana. Mutha kulipira ndi ndalama pamanja pa kauntala. Pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya kopaletivi yomwe ili m'munsimu. Kapena kubanki, mu akaunti ya kopaletivi, n'kubwera ndi silipi. Musanatsimikize pafoni, onani kuti dzina lotuluka ndi la kopaletivi. Macheke omwe tinalandira tsikuli lisanafike tiwalemekeza. Amene munayamba kulipira pang'onopang'ono, zomwe munapereka zili m'buku. Zotsalazo malizani pa njira zatsopanozi. Lisiti ndi ufulu wanu, musachoke popanda lisiti. Pepani chifukwa cha kusinthaku. Mafunso onse kwa mlembi."

Pa pepala lenilenilo, pamene ndalemba kuti "chaka chino" tinaika chaka m'manambala, ndipo pansi panali dzina ndi udindo wa wosaina, chidindo cha gulu, manambala olipirira ndi dzina la akaunti. Mawu oti "Oyang'anira" paokha sathandiza, chifukwa wofuna kufunsa sadziwa khomo logogoda.

Taonani chiganizo cha anthu olipira pang'onopang'ono chija. Tiyerekeze kuti bambo wina akufuna katundu wa K300,000, ndipo anatumiza kale K120,000 ku nambala ya kalaliki. Akawerenga chidziwitso choyamba chija, funso lake si loti alipira bwanji K180,000 yotsalayo, koma ngati K120,000 yake ikuwerengedwabe. Musanamate pepala, kalaliki ndi msungichuma aone mauthenga onse a pafoni, ndalama iliyonse ilowe m'buku, eniake alandire malisiti. Mukapanda kutero, chiganizo chimenecho chikhala lonjezo lopanda kanthu.

Njira zatsopanozo muziyese nokha kaye. Mmodzi atenge foni, ayimbe *211# ngati ndi Airtel Money kapena *444# ngati ndi Mpamba, alipire kandalama kochepa potsata zomwe mwalemba, aone dzina lomwe likutuluka. Nambala imodzi ikasemphana pa pepala, ndalama za anthu zipita kwa mlendo, ndipo kuzibweza ndi ulendo wautali. Mukumbukenso kuti nkhani ya kusintha nambala akuba amaikonda kwambiri. Amatumiza uthenga woti "tumizani ku nambala iyi, ija yasiya kugwira ntchito". N'chifukwa chake ndimakonda kuti pansi pa chidziwitso palembedwe kuti gulu silidzasintha nambala kudzera pa uthenga wa pafoni, koma pa msonkhano ndi pa pepala lachidindo. Kalaliki nayenso auzidwe kuti katundu atuluke ndalama ikaoneka pa foni ya kopaletivi, osati pongoonetsedwa uthenga pa foni ya wogula, poti mauthenga otere amapekedwa.

Mukamaliza kulemba, musamate msanga. Itanani munthu amene sanali nawo pokambirana, kaya ndi mlonda kaya mayi wogulitsa mandasi pakhomopo, mumuwerengere kamodzi mokweza. Kenaka mumufunse kuti chaletsedwa n'chiyani, kuyambira liti, nanga iye atafuna thumba la feteleza mawa alipira bwanji. Akakayika pa funso limodzi, vuto lili pa pepala, bwererani mukakonze. Ku Mitundu kuja mlonda anayankha mafunso awiri bwinobwino, koma pa lachitatu anati, "Nanga nambalayo ili kuti, abwana?" Tinali titailemba ndi zilembo zazing'ono pansi penipeni. Tinaikulitsa, kenaka tinazungulira sitolo yonse kufufuta nambala yakale ya kalaliki, yomwe inali ikadali pakhoma la kauntala ndi pachikuto cha buku la malisiti.