Mmene ndinalembera chidule cha ziphaso za imfa popanda kuulula zinsinsi za mabanja

Gulu lathu lothandizana pa maliro kuno ku Chinamwali, ku Zomba, limapereka chipepeso banja likatumiza chithunzi cha chiphaso cha imfa pa foni. Monga mlembi, ndimayenera kuonetsa mamembala kumene ndalama zapita, koma ziphasozo zimakhala ndi zinsinsi za mabanja.

Poyamba ndinkapaka zithunzizo ndi cholembera cha mufoni, koma munthu akawonjezera kuwala, zilembo zinkaonekabe. Nditangochotsa mizere ina mwakachetechete, anthu anaganiza kuti zikalatazo n’zosakwanira.

Tsopano zithunzi sindigawanso. Ndimalemba chidule changa, ndipo pa mzere uliwonse ndimadzifunsa ngati membala akufunikadi kuudziwa kuti akhulupirire kuti ndalama zafika pakhomo loyenera. Dzina la malemu, tsiku la imfa, ubale wake ndi membala ndiponso ndalama zimene tapereka, ndimalemba. Nambala ya chiphaso cha unzika, tsiku lobadwa ndi siginecha, ndimasiya. Matenda amene anapha munthu sindilemba m’pang’ono pomwe, chifukwa kuno timadziwana, ndipo woferedwa akhoza kumvera nkhaniyo kumsika.

Chimene chinathetsa kukayikirana n’choti pamene ndachotsapo ndimasonyeza. Ndimalemba chizindikiro chimodzimodzi, chonena mtundu wa chinthucho basi: [ZACHOTSEDWA: nambala ya chiphaso]. Ngati chithunzi sichikuwerengeka, ndimalemba [SIZIKUWERENGEKA], kuti zobisa dala zisasokonezeke ndi zofufutika. Pansi ndimalemba kuti tcheyamani ndi msungichuma anaona chikalata chenicheni, kenako zithunzizo ndimazifufuta mufoni.