Chiganizo cha pa botolo la mankhwala

"Ndikumasulira alimi a fodya ku Kasungu malangizo a pa botolo. Chiganizo china chili ndi mawu 40, osanena wochita. Ndiyambire pati?"

Yambani mwapeza wochitayo, achimwene. Chingerezi chamubisa, koma ndi mlimi, ndiye mulankhuleni. M'malo mwa "mankhwala ayenera kusungunulidwa", lembani "sungunulani mankhwala".

Kenako chiduleni, ntchito imodzi chiganizo chimodzi, motsata momwe manja agwirire: "Valani magolovesi. Thirani mamililita 30 m'malita 15 a madzi. Takasani. Poperani m'mawa." Chenjezo lomwe Chingerezi chaika kumapeto libwere patsogolo, munthu asanatsegule botolo.

Manambala musawakhudze, ndipo "muyenera" asasanduke "mungathe". Apa ndi pomwe ambiri timagwa.

Mukatha, muwerengereni mlimi mmodzi mokweza. Akafunsa kuti "athire ndani?", bwererani poyamba paja.