Chizungulire ukangoimirira

"Ndikadzuka pampando kapena pamphasa m'maso mumada, ndimamva chizungulire. Nditani?"

Mukaimirira magazi amatsikira kumiyendo. Ngati m'thupi madzi achepa, magazinso amachepa, ndiye BP imagwa ndipo ubongo umasowa magazi kwakanthawi. Konzani madzi akumwa, paketi ya Thanzi ORS, ndi makina oyezera BP ngati alipo.

1. Chizungulire chikayamba, khalani pansi kapena gonani mutakweza miyendo pa pilo.
2. Onani mkodzo. Ukakhala wochepa, wachikasu kwambiri, madzi akuperewera.
3. Imwani madzi pang'onopang'ono. Ngati mwatsekula m'mimba kapena mwasanza, sungunulani ORS m'madzi okwana lita imodzi.
4. Gonani mphindi 5, yezani BP, imirirani, yezaninso pakatha mphindi imodzi ndi mphindi 3. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposerapo, mwachitsanzo kuchoka pa 120 kufika pa 100, vuto ndi lomweli la kugwa kwa BP mukaimirira.
5. Podzuka, yambani mwakhala kaye m'mphepete mwa bedi. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa, amangoti dzambatu usiku kuthamangira kuchimbudzi, n'kugwera pakhomo.

Omwa mankhwala a BP musasiye nokha, kafunseni adokotala. Mukakomoka, chifuwa chikamapweteka kapena chimbudzi chikakhala chakuda bii, pitani kuchipatala msanga.