Imelo yoyankhira tenda izitsata mndandanda wa ounika

Kuno kuchigwa cha Shire, makopaletivi ambiri ndi abizinesi ang'onoang'ono tsopano amalandira makalata a tenda pa imelo: bungwe likufuna mbuzi zokagawa ku Nsanje, lina likufuna mbewu ya mapira kapena chitowe. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti magulu okhala ndi katundu wabwino komanso mtengo wabwino amagwa pa khomo loyamba, mtengo wawo usanayang'anidwe n'komwe.

Ounika tenda sayamba ndi mtengo. Amakhala ndi pepala la mndandanda wa zikalata zimene anapempha, ndipo amayenda nalo mzere ndi mzere, kuchonga kuti ichi chilipo, ichi palibe. Amene wasoweka chikalata chofunika amaikidwa pambali pomwepo. Ndipo chikalata chimene munatumiza koma iwo sanachipeze chimawerengedwa ngati chimene simunatumize. Choncho imelo yanu iziyenda m'mapazi a mndandanda wawo: dongosolo lawo, manambala awo, mayina awo.

Musanalembe kanthu, werengani ndime yonena za katumizidwe. Matenda ena a boma, amene amayendera malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, amafuna envulopu yomata yoponya m'bokosi la matenda. Ngati kalatayo yatero, imelo siyingalowe m'malo mwa envulopu, ngakhale ikonzedwe bwino chotani. Zimene ndikunena pano ndi za tenda imene yalola imelo.

Tiyerekeze kuti kopaletivi yanu ili pa Ngabu, ndipo bungwe lina lapempha mbuzi zazikazi 120 zokatula ku Bangula. M'kalatamo alemba nambala ya tenda, tsiku ndi ola lotsekera, ndi zinthu zisanu: fomu yawo yosainidwa, mitengo, satifiketi yolembetsera gulu, satifiketi ya MRA yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, ndi makalata awiri a amene munawagulitsapo kale.

Yambani ndi mutu wa imelo. Ngati iwo anena mawu oti mulembe pamutupo, koperani ndendende, osasintha ngakhale kadontho. Ngati sananene, lembani nambala ya tenda, dzina la katundu, kenako dzina la gulu lanu. Bokosi la imelo la ofesi yogula zinthu limalandira makalata a matenda angapo nthawi imodzi, ndipo mlembi amasefa polemba nambala ya tenda m'malo ofufuzira. Imelo ya mutu wa moni okha siituluka pa kusefako. Onaninso adiresi: mabungwe ena amapereka adiresi ya mafunso payokha ndi yolandirira matenda payokha, ndiye mukangodina `Reply` mukhoza kutumiza kwa munthu amene saloledwa kulandira tenda yanu.

Tsopano mayina a mafayilo, pamene ndaona anthu ambiri akupunthwa. Tsiku lina ndinakhala pansi pa mtengo wa nimu ndi mlembi wa gulu lina limene silinapambane, tikuyang'ana pafoni yake zimene anatumiza. Munali zithunzi 11, zonse mayina ake oyamba ndi `IMG`, zina zopendekeka, china chikuonetsa chala chake pakona ya satifiketi. Satifiketi ya msonkho inalimo ndithu, koma inali chithunzi chachisanu ndi chitatu, ndipo deti lake silinkawerengeka chifukwa cha mthunzi. Bambowo anagwira ntchito yonse yovuta, koma kulongedza ndi kumene kunawagwetsa.

Chikalata chilichonse chikhale fayilo imodzi ya PDF. Ngati fomu ili ndi masamba atatu, onse atatu alowe mu fayilo imodzi, osati zithunzi zitatu. Dzina la fayilo liyambe ndi nambala imene chikalatacho chili nayo pa mndandanda wawo, litsatire mawu amene iwo agwiritsa ntchito, litsirize ndi dzina la gulu lanu. Nambala yakutsogoloyo imachititsa kuti mafayilo akatsitsidwa pa kompyuta adzindandalike okha m'dongosolo, ndipo dzina la gulu limathandiza fayilo yanu ikasakanikirana ndi za ena.

Popeza matenda amabwera m'Chingerezi, imeloyo imaoneka motere, inu n'kuikamo nambala ndi dzina lenileni:

```
Subject: RFQ 014 - Supply of 120 goats - GroupName

Please find our bid. Five files attached:
1_Bid_Form_GroupName.pdf (3 pages)
2_Price_Schedule_GroupName.pdf (1 page)
3_Registration_GroupName.pdf (1 page)
4_Tax_Clearance_GroupName.pdf (1 page)
5_References_GroupName.pdf (2 pages)
Bid validity: 60 days. Delivery: 14 days from order.
Please confirm receipt.
```

Pansi pake lembani dzina la amene wasaina fomu, udindo wake ndi nambala ya foni imene imayankhidwa. Basi. Ife timakonda kuyamba kalata ndi moni wautali ndi mbiri ya gulu, ndipo ndi ulemu wabwino, koma pano mzere umodzi wa moni ndi wokwanira. Mbiri ya gulu ilowe pokhapokha aipempha, ndipo ikhale fayilo yakeyake. Kutchula kuchuluka kwa masamba kumakutetezani: wounika akatsegula fomu n'kupeza masamba awiri m'malo mwa atatu, amadziwa kuti pali chasoweka.

Mzere wa `Bid validity` ndi masiku amene mukulonjeza kuti mtengo wanu susintha. Ngati iwo apempha masiku 60, inu n'kulemba 30 poopa kukwera kwa mtengo wa mbuzi pamsika, mwadzichotsa nokha. Ndi bwino kuwerengera kukweraku mu mtengo wanu kusiyana ndi kudula masiku. Ndipo chilichonse mwalemba mu imelo chifanane ndi chimene chili mu fomu yosainidwa; masiku 14 apa, masiku 21 uko, ndiye kuti ounika ayamba kukukayikirani. N'chifukwa chake ine sindilangiza kulemba mtengo m'kati mwa imelo. Ukhale pamalo amodzi, mu fayilo ya mitengo. Komanso matenda ena amalamula kuti mitengo ibwere payokha, yosiyana ndi zikalata zina, ndipo mtengo ukaonekera msanga tenda yonse imatayidwa.

Nkhani ya kukula kwa mafayilo ndi yofunika kwa ife amene netiweki imatithawa magetsi akazima. Gmail imalola mafayilo osapitirira 25 MB pa imelo imodzi. Fayilo ikaposa pamenepo, imaikidwa pa Google Drive ndipo wolandira amangoona linki, yomwe mwina singatseguke popanda chilolezo chanu. Mabungwe ena salandira malinki, enanso malire awo ndi ochepa kuposa a Gmail. Chepetsani mafayilo pojambula masamba ndi pulogalamu yosikanira ya pafoni, koma mutsegule n'kuona ngati chidindo ndi madeti zikuwerengekabe. Zikakanika kulowa mu imelo imodzi, gawani pawiri, mutu ukhale womwewo, muwonjezere `1 of 2` ndi `2 of 2`, ndipo mndandanda wonse ulembedwe mu imelo yoyamba.

Musanatumize, dzitumizireni nokha kaye, kapena kwa membala wina wa komiti. Iye atenge kalata ya tenda m'manja, aziwerenga mokweza chofunika chilichonse, inu muzitsegula fayilo yake. Mukachedwa kupeza chimodzi, wounikanso adzachedwa. Kenako tumizani kutatsala tsiku lathunthu, chifukwa ola limene limawerengedwa kawirikawiri ndi limene imelo yafika kwa iwo, osati limene inu mwadina. Lowani mu `Sent` mutsimikize kuti yachoka, pakuti pafoni imelo yolemera imatha kukhala mu `Outbox` usiku wonse. Jambulani sikirini yosonyeza tsiku ndi ola, musunge m'faelo ya gulu pamodzi ndi kalata ya tenda.